Theka la dazeni landidyera masiku atatu

Ndamaliza usiku wathawu! Mndandanda wa katundu wa mchemwali wanga uja, amene analandira paukwati, tsopano uli mu Google Sheets, mizere yonse 87, ndipo masamu akugwirizana ndi zimene zili m'makatoni.

Analemba ndi azakhali, m'kope la ana asukulu, masamba anayi, anthu akuponya mphatso nyimbo ili mkati. Ndiye mungaganize nokha kalembedwe kake. Ananditumizira zithunzi pa WhatsApp koma zinali zosaoneka bwino, tsamba litapindika pakati, chithunzithunzi cha dzanja lawo chili pomwepo. Ndinachita kukatenga kopelo, n'kulijambulanso pafupi ndi windo m'mawa, nditalitsindira ndi mbale ziwiri kuti ligone bwino. Google Lens inawerenga mawu ambiri bwinobwino, ngakhale kuti mthiko inausandutsa china chake chosatchulika. Pa manambala m'pamene inandipusitsa. Azakhali akafuna kubwereza mawu a pamzere wapamwamba amangoika timizere tiwiri, ndipo Lens inkatiwerenga ngati 11. Mpaka tinapezeka ndi malichero 11 m'nyumba ya anthu awiri. Zimenezi ndinakonza pamanja, kope lili pamwendo, mzere ndi mzere.

Madanga ndinawaika chonchi: A dzina la chinthu, B nambala monga momwe azakhali analembera, C muyeso, D chochulukitsa (dazeni ndi 12, peyala ndi 2, chinthu chimodzichimodzi ndi 1), E gulu. Kenako pansi ndinawonkhetsa gulu lililonse:

```
=SUMPRODUCT((E2:E88="Zakukhitchini")*B2:B88*D2:D88)
```

Zakuchipinda zinatuluka bwino, zochapira ndi zosambira bwino. Zakukhitchini: 548,045. Inetu ndinaseka kaye, kuti kodi mchemwali wangayu watsegula holoselo ku Limbe?

Tsiku loyamba ndinkakayikira fomulayo, ndinailemba kanayi. Tsiku lachiwiri ndinati mwina pali nambala ina imene yalowa ngati mawu, ndiye ndinayesa `=ISNUMBER(B2)` kutsika nayo mpaka pansi. Ponseponse `TRUE`. Ndinayang'ana danga B ndi maso kangapo konse, palibe nambala yoposa 24. Apa m'pamene mutu unaima, chifukwa chilichonse chimene ndikuona ndi chaching'ono koma chiwonkhetso chikupitirira theka la miliyoni.

Dzulo madzulo ndinasiya kuchenjera, n'kuwonjezera danga F loti lizionetsa `=B2*D2` pamzere uliwonse, nditaliika pa `Format > Number > Number`. Pamzere 41, pa matambula, panatuluka 547,908. Azakhali analemba kuti 1/2 dazeni, ine n'kutayipa `1/2` momwemo. Sheets inatenga zimenezi ngati deti, 2 Januwale 2025, poti fayilo yanga inali pa `United States` pomwe mwezi umayamba kutsogolo. Choipa chake n'chakuti pasikirini inkaonetsabe 1/2, ngati palibe chachitika. Koma mkati mwake deti ndi nambala ya masiku, ndipo la tsiku limeneli ndi 45659. Chulukitsani ndi 12, mupeza 547,908 yomweyo. N'chifukwa chakenso `ISNUMBER` inkavomera, sinanditu kunama, deti ndi nambaladi. Ndikanangodina selo imeneyo n'kuyang'ana pamzere wa fomula ndikanaona chaka chili poyera, koma ndani amadina maselo 87 pafoni? Pali ndi `ISDATE` yomwe ikanachigwira tsiku loyamba lomwelo.

Ndinasintha danga B lonse kukhala la manambala, n'kulemba `0.5`. Matambula 6, zakukhitchini zonse 143. Ndinaimbira mchemwali wanga kuti awerenge mapoto ndi masipuni, zinakwana ndendende.

Zinandikumbutsa chaka chatha pamene ndinkalemba za mbewu za kudimba, ndiye feteleza ndinalemba "50kg" m'selo imodzi, nambala ndi muyeso pamodzi, `SUM` n'kungoidumpha mwakachetechete. Kuyambira pamenepo muyeso ndimaupatsa danga lakelake. Komanso amene mukufuna kulembetsa achibale mndandanda wotere, agulireni bolopeni yakuda ndi kope la timabokosi la masamu lija. Ine ndimagula kwa bambo ena a kagolosale kufupi ndi depoti, pepala lake n'lokhuthala, inki sionekera kuseri. Bolopeni ya buluu yotsala pang'ono kutha ija kamera imavutika nayo.

Za magulu sindinakhutire nazo. Ndinaika mndandanda wosankhapo kudzera pa `Data validation` kuti ndisamalembe Zakukhitchini pena, Zakhitchini pena, koma beseni ndi ndowa sizikudziwika kwawo. Ndowa yomweyo amatungira madzi akumwa, mawa achapiramo. Panopa ndaziponya ku zochapira, azakhali akuti ndalakwitsa.

Chotsatira ndikufuna kuikamo mitengo ndi mayina a amene anapereka, mwinanso chithunzi cha chinthu chilichonse. Amayi atamva akuti ndikalembenso za m'nyumba mwawo monse, kuphatikizapo zimene zili m'sutikesi ya pansi pa bedi imene sinatsegulidwe chisamukire kuchokera ku Zomba. Tiona Loweruka.