Makobidi atasefukira m'gemu yanga

M'maphunziro anga opanga magemu ndinapatsidwa ntchito yomanga kagemu kakang'ono. Wosewera amapha zilombo, amatola makobidi, amagula lupanga, n'kukwera malevulo mpaka pa 20. Anzanga angapo anakayeserera kwa masabata atatu. Mmodzi, yemwe anali atafika pamapeto, ananditumizira chithunzi cha chikwama chake cham'gemu muli makobidi oposa 50,000, ndi funso limodzi lokha: "Ndiye ndizitani nawo amenewa?" Ndinasowa chomuyankha. M'sitolo yanga munalibe chinthu choposa makobidi 2,200.

Opanga magemu amayerekezera chuma cham'gemu ndi thanki ya madzi. Pali mipopi, kutanthauza njira zonse zimene makobidi amabadwira kuchokera popanda kanthu, monga chilombo chikafa kapena wosewera akamaliza ntchito. Palinso ngalande, njira zimene makobidi amatulukira n'kutheratu, monga kugula m'sitolo ya gemuyo kapena kulipira kukonzetsa chida. Izi ndinkazidziwa bwino, mayeso ndikanakhoza. Koma sindinakhalepo pansi n'kuwerengera kuti mpopi wanga ndi ngalande yanga zikukula mofulumira bwanji chilichonse pachokha.

Nditalemba manambala patebulo, vuto linaonekera poyera. Pa levulo 1 wosewera ankapeza makobidi 200 pa ola. Ndinakonza kuti levulo iliyonse iziwonjezera 15 peresenti pa zopeza, ndipo nambalayi inkaoneka yaing'ono pamene ndinkailemba. Koma ukawonjezera 15 peresenti maulendo 19 motsatizana, zopeza zimachulukitsidwa kupitirira ka 14. Motero pa levulo 20 munthu ankapeza pafupifupi 2,850 pa ola. Nanga zowononga? Kukonzetsa lupanga kunali 60 pa ola, mankhwala ochiritsa 40, ndipo mitengo imeneyi sinkasintha kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Lupanga lenilenilo linkayambira pa 300 n'kumakwera ndi 100 yokha pa levulo iliyonse.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kusiya kuwerenga mitengo m'makobidi n'kuyamba kuiwerenga m'maola osewera:

```
maola = mtengo / (zopeza_pa_ola - zowononga_pa_ola)
```

Wongoyamba kumene amatsala ndi 100 pa ola, ndiye lupanga la 300 limamutengera maola atatu. Wa pa levulo 20 amatsala ndi 2,750 pa ola, ndipo lupanga labwino koposa, la 2,200, amaligula m'mphindi 48. Akaligula, basi. Ngati asewera maola 10 pa sabata, makobidi 27,500 amangounjikana sabata iliyonse. Mnzanga uja sanabere aliyense. Anangosewera masabata awiri ali pamapeto.

Njira yanga yoyamba inali yaphuma, ndipo ndikuchita nayo manyazi pang'ono. Ndinachulukitsa kawiri mitengo yonse m'sitolo. Kwa wa pa levulo 20 sizinamugwedeze: zowononga zinafika pa 200, lupanga pa 4,400, analigula pa ola limodzi ndi mphindi 40. Koma wongoyamba, yemwe amapeza 200, tsopano ankawononganso 200 yomweyo. Ankatsala ndi ziro. Mnzanga wina amene anayamba usiku umenewo anasewera mpaka kutopa osagula kanthu, nandiuza kuti gemuyo yawonongeka. Sananame. Mtengo wofanana kwa aliyense umapsinja wosauka, wolemera n'kudutsapo osaumva n'komwe.

Nditabweza mitengo yakale, ndinamangirira zonse pa nambala imodzi. Lupanga nalo lizikwera ndi 15 peresenti pa levulo, ndiye pa levulo 20 lizigulidwa pafupifupi 4,270. Kukonzetsa kuzikhala gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa lupangalo pa ola: kwa wongoyamba ndi 60 yomwe ija, kwa wapamapeto ndi 850 ndi pang'ono. Mankhwala amphamvu oyenera zilombo za kumapeto afike pa 570. Akatero amatsala ndi pafupifupi 1,420 pa ola, ndipo lupanga limamutengera maola atatu, chimodzimodzi ndi wongoyamba. Wongoyambayo sanaone kusintha kulikonse, zomwe ndinkafuna.

Izi zinakonza ulendo wokwera malevulo, koma kumapeto makobidi ankaunjikanabe. Lupanga munthu amagula kamodzi, pomwe zilombo zimabadwanso mphindi iliyonse. Apa ndinalakwitsanso poganiza kuti msika wa osewera okhaokha undithandiza, poti anthu ankagulitsana miyala yosowa. Ayi ndithu. Ndikalipira mnzanga 5,000, makobidiwo angosamuka chikwama, m'thanki akadalimo. Chomwe chinachitika n'chakuti miyala ija inkangokwera mtengo, mpaka wongoyamba sakanaiyandikira. Ichi ndi chizindikiro chodalirika: mitengo ya m'sitolo ili phee, koma ya pamsika wa osewera ikukwera sabata ndi sabata. Zikafika poipa, anthu amasiya kukhulupirira makobidiwo. M'gemu ya Diablo II golide, yemwe ndi makobidi a m'menemo, anatsika mphamvu mpaka osewera ankagulitsana zinthu zamtengo powerengera mphete yotchedwa Stone of Jordan.

Msika umasanduka ngalande pokhapokha gemu ikamadulapo kena kake pa malonda aliwonse n'kukafafaniza. Gemu ya Old School RuneScape inachita zimenezi mu Disembala 2021, pamene inaika msonkho wa 1 peresenti pa malonda a pa msika wake wa osewera wotchedwa Grand Exchange. Ubwino wa msonkho wotere ndi wakuti umakula wokha. Mitengo ikakwera, nawo umameza zambiri, ndipo amene amalipira kwambiri ndi amene amagulitsa zodula. Ine ndinaika 5 peresenti. Ndinawonjezanso zinthu zonyadira zokha, monga mtundu wapadera wa chovala umene umatha pakapita sabata, ndipo umagulitsidwa kwa amene watchula mtengo waukulu. Sindinalole kuti zinthu zimenezi zipatse munthu mphamvu pankhondo, chifukwa zikatero ndiye kuti wolemera wagula chipambano.

Kawerengedwe kena kanandikhazika mtima pansi. Ngalande ikamachotsa gawo la makobidi amene alipo, osati nambala yokhazikika, thanki imafika pena n'kuima yokha. Tiyerekeze kuti wapamapeto amatsala ndi 14,200 pa sabata, ndipo msonkho ndi zovala zija zimadya gawo limodzi mwa 10 la chuma chake sabata iliyonse. Chikwama chake chidzakula mpaka cha m'ma 142,000, pomwe zotuluka zimafanana ndi zolowa. Ndi zambiri, koma zili ndi malire. Ndi ngalande ya nambala yokhazikika yochepera pa mpopi, malire kulibe.

Makobidi 50,000 a mnzanga uja sindinawakhudze. Kulanda zimene munthu anavutikira, ngakhale zam'gemu, kumamukwiyitsa kuposa mtengo uliwonse. Ndinangotsegula malonda a chovala chofiira, ndipo iye ndi mnzake wina analimbirana mpaka theka la chuma chake linapita usiku umodzi, akusangalala.

Tsopano Lamlungu lililonse ndimalemba makobidi amene abadwa, amene afafanizidwa, ndi chikwama cha wosewera wapakatikati ndikawandandalika onse kuyambira wosauka mpaka wolemera. Avereji ndinaisiya, chifukwa anthu awiri olemera ankaikokera m'mwamba n'kundinamiza kuti aliyense ali ndi zambiri. Sabata yathayi wapakatikatiyo anali ndi makobidi okwanira maola awiri a kusewera kwake, ndipo mtengo wa miyala pamsika sunasunthe. Mawa ndikuyesa kutsitsa msonkho kufika pa 3 peresenti, chifukwa ndaona anthu ayamba kupatsana miyala pamanja pozemba msika.