Disiki inali yathunthu, koma laputopu inkasaka nambala yakale

Laputopu yanga tsopano ikuyaka pa SSD yatsopano, ndipo mtima wakhala pansi. Masiku atatu ndakhala ndikulimbana nayo posamutsa Windows kuchoka pa hadi disiki yakale, mwina ena a m'kalasi mwathu akuvutika ndi zomwezi.

Za kumasula masikuluwu ndi kuika Clonezilla, pulogalamu yokopera madisiki, pa fulashi sindinena, mukuzidziwa. Hadi disiki yakale inali ya 500 GB, SSD ya 512 GB, ndiye vuto la malo panalibe. Ulendo woyamba ndinadzichenjeretsa. Ndinakopera patishoni ya C: yokha, poganiza kuti tizigawo ting'onoting'ono tija ndi zinyalala. Nditayatsa, laputopu inangoti `No bootable device`. Ulendo wachiwiri ndinasankha `device-device`, kenako `disk_to_local_disk`, SSD ili pa chingwe cha USB. Pamenepa yang'anitsitsani kuti pa madisiki awiriwo `sda` ndi iti, `sdb` ndi iti, chifukwa mukasinthanitsa mufufuta zanu zonse ndi manja anu.

Inamaliza bwinobwino. Koma ine, pofuna kutsimikiza kuti mafayilo afikadi, ndinalowa mu Windows yakale SSD ikadali pachingwe. Mu Disk Management inaoneka `Offline`. Ndinadina `Online`, mafayilo n'kuoneka onse, ndinakondwa. Nditasintha madisiki, sikirini yabuluu: `0xc000000e`.

Chimene chinanditsegula mutu ndi ichi. Kompyuta ikamayaka siyamba n'kufunafuna C:. Pa makina a UEFI imapita kaye ku kapatishoni kakang'ono ka FAT32, kanga kanali ka 100 MB, komwe kali ndi pulogalamu yoyatsira Windows pamodzi ndi fayilo yotchedwa BCD. N'chifukwa chake ulendo woyamba inasowa poyambira, kagawoko ndinakasiya. Ndipo BCD simadziwa Windows ndi chilembo C:, imaidziwa ndi nambala yozindikiritsa disiki ndi ya patishoni. Ukakopera disiki yonse, manambalawo amakoperedwanso, madisiki awiri n'kukhala ndi chiphaso chimodzi. Windows ikaona mapasa otere imagoneka mmodzi, ndiyo `Offline` ija. Ukamudzutsa mokakamiza, imamupatsa nambala yatsopano. Basi, BCD ya pa SSD inatsala ikuloza nambala yakale, ya disiki imene ndinali nditaichotsa kale n'kuika mudirowa.

Choncho palibe fayilo imene inaonongeka. Zinali ngati kalata yolembedwa adiresi yolondola, koma mwini wake atasamuka. Ndinazibwereza m'mutu kangapo: C: ndi chilembo chongopatsidwa Windows itayamba kale kuyaka, pomwe nambala ija ndi imene imafunika isanayake.

Kukonza kwake kunali kwachidule mochititsa manyazi. Ndinayatsira pa fulashi yoikira Windows, n'kudina Shift+F10, kenako:

```
diskpart
list volume
select volume 2
assign letter=S
exit
bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI
```

Nambala 2 ndi ya kwa ine, inu sankhani voliyumu ya FAT32 yaing'ono ija. Onaninso kuti ndalemba D: osati C:. M'malo okonzeramo zilembo zimasokonekera, ndipo ndinataya theka la ola ndikulamula C: yolakwika mpaka nditayesa `dir D:\Windows` n'kuona mafoda ake. Lamulo la `bcdboot` limalemba BCD yoloza komwe Windows ili panopa. Nditayatsanso, inalowa.

Kwa ine Clonezilla ilibe mnzake. Ndi yaulere, imagwira ntchito Windows itazima kotero palibe fayilo yosintha pakati pa ntchito, ndipo imakopera malo okhawo omwe muli zinthu. Anzanga amati maonekedwe ake ndi oopsa, zolemba zokhazokha. Aziopa. Ikanakhala kuti ndinangozimitsa, kuchotsa disiki yakale n'kuikamo yatsopano osasuzumira, bwenzi zonse zitatha tsiku lomwelo.

Chondinyansa n'chakuti m'kalasi tinathera milungu iwiri tikuloweza kusiyana kwa MBR ndi GPT kuti tikayankhe mayeso. Aphunzitsi athu sanatiuzepo n'kamodzi komwe kuti madisiki awiri ofanana asaonane mu Windows. Nditawafunsa anangoti, "Ingoikani Windows yatsopano, achimwene." Inde, koma mapulogalamu anga onse ndikawatsitsenso ndi bandulo ya ndani? Labu nayo timalowamo ola limodzi pa mlungu, kompyuta imodzi anthu anayi.

Patsala pafupifupi 11 GB yosagwiritsidwa ntchito kumapeto kwa SSD. `Extend Volume` ikukana chifukwa patishoni ya Recovery yakhala pakati, ndipo kuisuntha ndikuchita nako mphwayi. Disiki yakale ikadali mudirowa. Ndimafuna kuifufuta kuti ndizisungiramo zinthu, koma dzanja likulemera. Komanso mawu a aphunzitsi aja akundibwerera: ndasamutsa Windows ya zaka zambiri ndi zinyalala zake zonse, ndipo mwina pakatha miyezi iwiri ndidzaiikanso mwatsopano. Kaya.