Momwe tinasiyira kungokoka mawaya n'kuyamba kulemba ndandanda ya mapoyinti

Bizinesi yathu tinaiyamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, ndipo zaka zoyambirira ntchito yathu inali yomanga mapanelo a magetsi ndi kukoka mawaya a masensa m'nyumba zikuluzikulu. Makampani ena ankapata ntchito yoika dongosolo loyendetsera makina a nyumba, ife n'kumalandira pepala lonena kuti waya uyu achoke apa afike apo. Mapepala amenewo ndi omwe anatiphunzitsa ntchito, makamaka aja olembedwa mwaulesi. Tinkaona mzere umodzi wongoti pampu, popanda kunena ngati akufuna kuiyatsa, kudziwa kuti yayaka, kapena kudziwa kuti yafa. Tikafunsa, yankho linkabwera denga litatsekedwa kale. Mng'ono wanga ndiye anayamba kunena kuti ngati timatha kuona zosowa m'mapepala a anzathu, tingathenso kulemba athu.

Ntchito yoyamba imene tinaigwira tokha kuyambira pa pepala mpaka pa sikirini inali nyumba ya maofesi ya nsanjika 8. Makina ake anali omwazikana. Pansi penipeni panali chipinda cha madzi ozizira, chokhala ndi machila awiri, amene ndi makina oziziritsa madziwo, ndi mapampu 6. Nsanja zoziziritsira madzi a machilawo zinali padenga. Maboyila anali m'chipinda chawo mbali ina, ndipo nsanjika iliyonse inali ndi makina amodzi aakulu opopera mpweya komanso timakina ting'onoting'ono 15 ta m'maofesi. Mwini nyumba ankafuna zonsezi zioneke pa kompyuta imodzi, zilankhulane pa BACnet. Imeneyi ndi njira yolankhulirana makina a m'nyumba imene bungwe la mainjiniya la ASHRAE linaikhazikitsa mu 1995, ndipo ubwino wake ndi wakuti chila cha kampani ina ndi kontilola ya kampani ina zimamvana.

Tisanajambule netiweki tinakhala pa ndandanda ya mapoyinti. Poyinti ndi chinthu chimodzi chimene dongosolo limawerenga kapena kulamula. Pampu imodzi yosinthasintha liwiro, kwa ife, ndi mapoyinti asanu:

```
CHW-P1-CMD    BO
CHW-P1-RUN    BI
CHW-P1-TRIP   BI
CHW-P1-AUTO   BI
CHW-P1-SPD    AO   0-10 V
```

BO ndi lamulo loyatsa kapena kuzimitsa, BI ndi chowerenga cha inde kapena ayi, AO ndi lamulo la mlingo. Mzere woyamba ndi lamulo loti iyake. Wachiwiri ndi umboni woti yayakadi, ndipo umboniwu sitiutenga pa kontakitala, siwichi yopereka magetsi ku mota, chifukwa kontakitala imatha kulumikiza koma mota n'kukhala chete. Timautenga pa kachipangizo koyeza mphamvu imene mota ikukoka, kapena pa kusiyana kwa kukankha kwa madzi kutsogolo ndi kumbuyo kwa pampu. Wachitatu umanena kuti chitetezo cha mota chadula. Wachinayi umanena ngati siwichi ya pa panelo ili mmanja mwa kontilola kapena munthu waipotoza kuti aziyendetsa yekha. Umenewu ndi umene makontirakitala amakonda kuuchotsa pofuna kuchepetsa mtengo, koma ukasowa, alonda a makina amathera usiku akufufuza chifukwa chimene pampu ikukanira lamulo, pomwe wina anangoiwala kubweza siwichi. Wachisanu ndi liwiro. Mapampu 6 ndiye kuti mapoyinti 30, tisanawerengere masensa a kutentha kwa madzi ndi mavalavu. Pa kontilola iliyonse tinkasiya malo opanda kanthu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, popeza palibe nyumba imene imatha monga inajambulidwira.

Mkangano weniweni unali pa machila. Chila chamakono chimabwera ndi BACnet yake, ndipo mkati mwake muli zinthu zambirimbiri zowerengeka. Injiniya wa mwini nyumba ankafuna zonse zionekere, ndiponso kuti kuyatsa chila kudzere pa netiweki kuti tisakoke waya wina. Tinakana mbali zonse ziwiri. Zowerenga tinasankha zosapitirira 20 pa chila chilichonse, monga kutentha kwa madzi olowa ndi otuluka, katundu amene chasenza, maola amene chagwira ndi nambala ya vuto. Zina zonse zimangodzaza netiweki, ndipo palibe amaziyang'ana. Koma lamulo loyatsa ndi chizindikiro choti chafa tinazipatsa waya wakewake kuchokera pa kontilola, ndipo siwichi yotsimikiza kuti madzi akuyenda inapita molunjika ku chila chenichenicho. Madzi akaima chila chikugwirabe ntchito, amatha kuundana mkati n'kung'amba machubu, ndiye chitetezo chotere sichingadikire uthenga umene ungachedwe m'njira. Za moto nazo chimodzimodzi: alamu ya moto imazimitsa mafani pa waya wake, ife timangowerenga kuti zachitika.

Apa m'pamene tinawonjezera danga limene mpaka lero silisowa m'ndandanda zathu, lofunsa kuti poyinti iyi ichite chiyani netiweki ikaduka. Danga limeneli ndi lomwe linatijambulira netiweki. Taonani nsanja za padenga zija. Pa mapulani oyamba, sensa ya madzi obwerera kuchokera ku nsanja inali pansi, m'chipinda cha machila, pamene mafani amene imawalamula anali nsanjika 8 pamwamba. Ndiye kuti kusintha kulikonse kwa liwiro la fani kukanadalira uthenga kukwera nyumba yonse. Tinaika kontilola ina padenga, yokhala ndi sensa yakeyake pa paipi yotuluka mu nsanja. Chimene chimadutsa pa netiweki ndi pempho loti nsanja ziyambe, ndi kutentha kumene tikufuna. Kontilola ya pansi imatumizanso nambala yosinthasintha yosonyeza kuti ili moyo, ndipo ya padenga ikaona kuti nambalayo yaima kwa mphindi zingapo, imapitiriza yokha ndi kutentha kumene tinaisungira. Maboyila nawo tinawapatsa kontilola yawo. Chipinda chilichonse cha makina chimatha kudziyendetsa ngakhale kompyuta yaikulu itazimitsidwa.

Makontilola aakuluwa, pamodzi ndi a makina opopera mpweya a nsanjika iliyonse, tinawaika pa BACnet/IP, imene imayenda pa makebulo wamba a makompyuta kudzera pa poti ya UDP 47808. Timakina ta m'maofesi tinatiika pa MS/TP, waya wopota wodutsa kuchokera pa kachipangizo kena kupita pa kena ngati mkanda. Wayayu amatha kufika mamita 1,200, koma chimene chimayamba kukutsekereza si utali, ndi kuchuluka kwa zipangizo. Pa MS/TP chipangizo chimalankhula pokhapokha chikalandira mpata umene umazungulira onse, choncho zikachuluka aliyense amadikira nthawi yaitali. Tinagawa nsanjika ziwiriziwiri: zipangizo 30 ndi rauta imodzi pa waya aliyense, mawaya anayi, liwiro 38400, ndi rezisita ya maomu 120 kunsonga ziwiri zokha.

Manambala tinawalemba m'ndandanda yomweyo chipangizo chilichonse chisanafike. Mu BACnet netiweki iliyonse imakhala ndi nambala yake, ndipo chipangizo chilichonse chimakhala ndi nambala imene siyenera kufanana ndi ya china m'nyumba yonse, kuyambira 0 mpaka 4194302. Mawaya anayi aja tinawatcha 201, 202, 203 ndi 204. Chipangizo cha adilesi 12 pa waya 203 chinakhala 203012, kotero munthu akangoona nambala amadziwa kokafuna. Rauta inatenga adilesi 0, zipangizo 1 mpaka 30 motsatana, ndipo `Max_Master`, adilesi yomaliza imene zipangizo zimafufuza popatsirana mpata, tinaitsitsa kuchoka pa 127 kufika pa 35. Mukaisiya pa 127, chipangizo chomaliza chimataya nthawi kuitana maadilesi amene kulibe. Mukaitsitsa mopyola, chipangizo chimene mudzawonjezere mawa sichidzapatsidwa mpata, ndipo chidzaoneka ngati chakufa.

Ngakhale tinakonzekera chonchi, tsiku loyesa makina linatipatsa zochita. Pa sikirini, chila choyamba chinkasonyeza madzi otuluka a madigiri 7, pakapita kanthawi 13, kenaka 7 kachiwiri, pamene pa chila chenichenicho nambala inali itakhazikika. Wa makina ankati sensa yafa. Mng'ono wanga anatumiza `Who-Is`, uthenga wouza zipangizo zonse kuti zidzitchule, n'kuwerenga mayankho a `I-Am`: nambala imodzi ya chipangizo inkayankha kuchokera ku maadilesi awiri. Machila onse anabwera ndi nambala yofanana ya kufakitale, ndipo amene anawaika sanasinthe. Kompyuta inkamva chimene chayankha komaliza, ndiye nthawi ina inkawerenga chila choyaka, nthawi ina chozima chokhala ndi madzi ofunda. Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa, koma kuyambira pamenepo sitilola chipangizo cha kampani ina kulowa pa netiweki tisanaone ndi maso athu nambala yake pa sikirini yake.

China chinachokera kwa oyang'anira makompyuta a nyumbayo, amene anagawa netiweki m'masabuneti awiri, ya pansi ndi ya nsanjika zapamwamba, osatiuza. Zipangizo za padenga zinasowa. Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta mukachidziwa: `ping`, yoyesera ngati adilesi ya IP ikufikika, imayankha bwinobwino, koma kufufuza kwa BACnet sikupeza kanthu. Chifukwa chake n'chakuti `Who-Is` ndi uthenga wopita kwa onse, ndipo marauta a IP salola uthenga wotere kuwoloka. Mankhwala ake ndi BBMD, chipangizo chimene chimatenga uthengawo n'kuupereka kwa chinzake cha tsidya lina. Sabuneti iliyonse tinaiika imodzi yokha, iliyonse yodziwa adilesi ya inzake. Anthu ena akasokonezeka amayatsa BBMD pa kontilola iliyonse, ndipo uthenga umodzi umabwerezedwa mpaka netiweki kulemera.

Chomaliza chimene tinagwirizana ndi mwini nyumba chinali cha mwini lamulo. Poyinti yolamulidwa mu BACnet imakhala ndi masitepe 16, ndipo lamulo la sitepe ya nambala yaing'ono ndi limene limapambana. Mapulogalamu athu amalemba pa 16, munthu wa pa kompyuta amalemba pa 8. Munthuyo akayatsa pampu pamanja n'kupita kwawo, pulogalamu singaizimitse ngakhale italamula kangati, mpaka sitepe 8 itamasulidwa ndi `NULL`. N'chifukwa chake tinapanga tsamba limodzi pa sikirini losonyeza mapoyinti onse amene agwidwa pa 8, ndipo alonda a makina amaliona akamalandirana ntchito.

Pano tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo gawo lalikulu la ntchito yathu limabwera nyumba isanamangidwe: mainjiniya amatitumizira mapulani kuti tilembe ndandanda ndi manambala a netiweki, ngakhale oika makinawo atakhala ena. Mapanelo timamangabe. Popereka nyumba, poyinti iliyonse timaiyesa awiri, wina ali pa makina wina pa sikirini, n'kusayina mzere wake, ndipo kope la ndandandayo limatsala m'chitseko cha panelo iliyonse.