Mmene ndinayesera zigawo pa vidiyo yanga yosoka shati

Ndine telala kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo madzulo ndimajambula mavidiyo ophunzitsa kusoka. Yaitali kwambiri ndi ya shati ya yunifomu ya sukulu, mphindi 48, kuyambira kuyeza mwana mpaka batani lomaliza. Mwana wa mlongo wanga, amene amandithandiza za foni, anandiuza kuti, “Amalume, anthu sangathere bandulo yonse pa vidiyo imodzi. Ikanimo zigawo azilumphira pamene afuna.” Ine ndinkaopa kuti akayamba kulumpha sadzaoneranso nthawi yaitali. M'malo mokangana tinagwirizana zoyesa.

Kuika zigawo pa YouTube si ntchito yovuta. Mumalemba nthawi ndi dzina la gawo m'bokosi la Description, mzere uliwonse paokha. Mzere woyamba uyenera kukhala 00:00, mizere ikhale itatu kapena kuposa, nthawi zitsatane kuyambira yaing'ono, ndipo gawo lililonse lisachepere masekondi 10. Mukaphonya chimodzi, kamzere kapansi pa vidiyo sikaduka zidutswa. Zanga zinali izi:

```
00:00 Kuyeza mwana
06:40 Kudula nsalu
14:10 Thumba la pachifuwa
19:05 Kolala
31:30 Manja
41:15 Zibowo za mabatani
```

Kuyesako ndiye kunandivuta, ndipo ulendo woyamba ndinalakwitsa pawiri. Ndinaika zigawozo kumayambiriro kwa Januwale, nditangoona manambala a Disembala. Patatha milungu iwiri oonera anachuluka kwambiri, ine n'kumati zigawo zagwira ntchito. Ndinaiwala kuti Januwale ndi mwezi wotsegulira sukulu, pamene telala aliyense amakhala atakwiririka ndi mayunifomu. Anthu akanabwerabe ngakhale ndikanapanda kukhudza kanthu. Cholakwa chachiwiri anachiona ndi mnyamata uja. Mu YouTube Studio, pansi pa Show more, muli kabokosi kolola zigawo zodziika zokha, ndipo kanga kanali kochonga. Ndiye kuti YouTube inali ndi ufulu wodula vidiyoyo mwa njira yake nthawi yonse imene ine ndinkati ilibe zigawo. Mukafuna kuyesa, yambani mwachotsa chongi chimenecho, apo ayi mukhala mukuyerekeza zigawo zanu ndi za makina.

Tinayambiranso sukulu zitakhazikika. YouTube ili ndi chida chotchedwa Test & Compare, koma chimenecho sichiyesa zigawo, choncho palibe njira yoonetsera anthu ena vidiyo ya zigawo ndi ena yopanda zigawo pa nthawi imodzi. Chotsala ndi kusinthanitsa nthawi. Ndinatenga mavidiyo awiri otalika pafupifupi mofanana, ya shati ndi ya kabudula. Masiku 28 oyamba, ya shati inalibe zigawo, ya kabudula inali nazo. Masiku 28 otsatira ndinatembenuza. Cholinga chake n'chakuti ngati mwezi wachiwiri wangokhala wabwino kapena woipa paokha, zidzaoneka pa mavidiyo onse awiri mofanana, koma ngati ndi zigawo, kusinthako kudzatsata vidiyo imene ili nazo. Ndinasankha masiku 28 kuti Loweruka ndi Sondo zikhale zinayizinayi mbali zonse, komanso kuti mbali iliyonse ikhale ndi kumapeto kwa mwezi kumodzi, pamene anthu alandira ndalama n'kugula bandulo.

Pa masiku 56 amenewo sindinasinthe mutu, sindinasinthe chithunzi chapamwamba, ndipo, chimene chinandiwawa, sindinatumize mavidiyowo m'magulu a WhatsApp. Abale ndi anzanga a kutchalitchi amatsegula mwaulemu, kuonera mphindi imodzi n'kutseka. Makumi atatu a iwo akanakwanira kugwetsa manambala anga, chifukwa vidiyo iliyonse inkaonedwa maulendo mazana atatu okha kapena anayi pa mwezi.

Nthawi iliyonse ikatha ndinkadikira masiku awiri, popeza manambala a mmene anthu aonerera amachedwa kulowa. Kenako ndinkatsegula Analytics ya vidiyoyo, kusankha masiku enieniwo ndi Custom, kulemba Average view duration m'kope lomwe ndimalembamo miyeso ya makasitomala, n'kujambula chithunzi cha girafu ya Audience retention. Girafu imeneyi imaonetsa kuti pa mphindi iliyonse ya vidiyo, pa maulendo 100 amene yatsegulidwa, ndi angati anaonera malo amenewo.

Nambala yoyamba inandigwetsa ulesi. Popanda zigawo, ya shati inkaoneredwa pafupifupi mphindi 12, kotala la vidiyo yonse. Itakhala ndi zigawo inatsika kufika mphindi 9 ndi theka. Ya kabudula inachita chimodzimodzi mobwerera: yochepa ili ndi zigawo, yochuluka nditazichotsa. Apa sinalinso nkhani ya mwezi. Ndinauza mnyamata uja kuti mantha anga aja atsimikizika, tichotse. Iye anati, “Dikirani amalume, taikani zithunzi ziwirizo pamodzi.”

Chithunzi chopanda zigawo chinali ngati msewu wotsetsereka: kugwa kwambiri m'masekondi 30 oyamba, kenako kutsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndi timabampu tating'ono apa ndi apo pamene anthu ankakoka kamzere ndi chala kufunafuna malo. Cha zigawo chinali ndi chigwa chachikulu pa kuyeza ndi kudula, kenako phiri loonekeratu pa 19:05, pamene kolala iyambira. Pamalo amenewo poyamba pankafika anthu pafupifupi 22 pa 100, tsopano 31, ndipo mzere unakhala pamwamba mpaka kolala itatha. Kaphiri kena kakang'ono kanali pa zibowo za mabatani, kumene kale kunkafika ochepa kwambiri.

Monga telala ndinazimva msanga. Amene amafufuza kasokedwe ka shati ambiri amadziwa kale kuyeza ndi kudula. Chimene chimawagonetsa mochedwa ndi kolala, ikakana kukhala pakati kapena nsonga imodzi ikatalika kuposa inzake. Kale munthu wotere ankapirira mphindi zingapo za zinthu zimene amazidziwa, bandulo ikutha, n'kutopa asanafike pa kolala. Mphindi zopirirazo zinkakweza nambala yanga, koma iye ankachoka chimanjamanja. Tsopano amalumpha, kuona kolala, n'kubwerera pa makina ake.

Pali malire amene ndiyenera kunena. Girafu simasiyanitsa amene anadina gawo ndi amene anakoka kamzere ndi chala, ndiponso munthu mmodzi akabwereza kolala katatu amakweza phirilo ngati anthu angapo. Ndinaonanso Traffic source kuti nditsimikize kuti oonera a miyezi iwiriyo ankachokera kofanana, ambiri ku YouTube search. Akanakhala kuti mwezi umodzi anachuluka ochokera ku Suggested videos, amene amangodutsa osafuna kusoka, kuyerekezako kukanafa. Ndipo mavidiyo awiri a telala mmodzi sangakuuzeni za vidiyo yophunzitsa chinthu chimene sungalumphe sitepe, monga kumasula makina osokera kuti uwatsuke.

Zigawo ndinazisiya pa ya shati n'kuzibwezera pa ya kabudula. Ndinasinthanso dzina limodzi: m'malo mwa “Kolala” ndinalemba “Kulumikiza kolala kuti ikhale pakati”, popeza ndilo vuto limene anthu amabwerera. Kusintha kumeneko kukufunanso masiku ake 28, ndipo tsamba lake ndalilemba kale mizere m'kope, pansi pa miyeso ya madiresi a ukwati wa ku Katete.