CY si Saipurasi, alamu

Tulo takana usiku uno, ndipo chondisowetsa mtendere ndi zilembo zitatu za pa nambala ya galimoto imene ndangoiona pa chithunzi.

Alamu anga abwerako ku ulendo wawo wa ku Washington, ndiye masana amationetsa zithunzi za m'foni. Zambiri zinali zanthawi zonse, nyumba zazitali ndi iwo ataima kutsogolo kwake. Kenako panabwera chithunzi cha galimoto yakuda yoimikidwa m'mbali mwa msewu, nambala yake yabuluu wotuwira, yoyamba ndi DCY kenako manambala anayi. Anachikulitsa ndi zala ziwiri nati, "Mwaiona iyi? Ya akazembe a ku Saipurasi. D ndiye kuti kazembe, CY ndiye dziko."

Ndinati, "Pa D mwalasa, alamu, koma CY imeneyo ndi Tchaina."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Alamu amagwira ntchito yotumiza katundu kunja, zidule za zilembo ziwiri za mayiko anaziloweza kalekale, ndipo pa mafomu awo onse CY ndi Saipurasi basi. "Inu alamu," anatero, "Tchaina ndi CN. Zimenezi ndimalemba tsiku ndi tsiku. Mukufuna mundiphunzitse ntchito yanga?" Achemwali anangonyamuka n'kupita kukaona za kukhitchini, poti amatidziwa tikayambana.

Chimene ndimayesa kuwafotokozera, mwina mokweza mawu kuposa mmene zimafunikira, n'chakuti zidule za pa mafomu awo ndi za dziko lonse lapansi, pamene nambala ya galimoto ya akazembe imaperekedwa ndi dziko limene lawalandira, motsata kaundula wakewake. Dziko lotumiza kazembe silisankha kanthu. Ku Amereka nambala zimenezi zakhala zikuperekedwa ndi nthambi ya unduna wa zakunja yoyang'anira maofesi a akazembe kuyambira mu 1984, ndipo zilembo ziwiri za dzikozo anazisankha mwadala kuti zisafanane ndi dzina lake. Motero AF, imene alamu angalumbire kuti ndi Afuganisitani, ndi Japani. DJ si Jibuti koma Falansa. TG si Togo koma Kanada. Munthu wodziwa bwino zidule za mayiko ndi amene amasokera msanga kuposa mbuli, chifukwa amawerenga molimba mtima.

Ndinawabwereka foniyo kuti tiiwerenge nambalayo bwinobwino kuchokera kumanzere. Chilembo choyamba chimanena udindo wa mwini galimoto: D ndi munthu wa udindo waukazembe weniweni, C ndi wa ku ofesi ya konsulo, ija yothandiza nzika ndi kupereka ziphaso, ndipo S ndi wogwira ntchito zina pa ofesi ya kazembe. Choncho D sikutanthauza kuti ndi galimoto ya kazembe wamkulu mwiniwake. Ikhoza kukhala ya mlembi wamng'ono amene wangofika kumene. Zilembo ziwiri zotsatira ndiye dziko, manambala anayi aja n'kungowerenga galimoto. Ndipo dongosolo lake lenilenilo limanenanso kanthu. Galimoto za nthumwi za mayiko ku bungwe la Mgwirizano wa Mayiko ku New York zimalembedwa chobwerera: manambala poyamba, kenako dziko, udindo kumapeto. Chithunzi chija chikadaonetsa manambala anayi kenako CYD, ndikadati galimotoyo ndi ya nthumwi za Tchaina ku New York, ngakhale itajambulidwa ku Washington.

Apa alamu anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa funso limene ndi lanzeru, ndiye limene landigoneka m'maso: "Ngati akubisa dziko, akulilemberanji?"

Ndinawayankha mwachidule kuti sabisira aliyense. Wapolisi kapena wachitetezo ali ndi mndandanda, amadziwa nthawi yomweyo kuti galimoto yadutsayo ndi ya ofesi iti. Amene akubisiridwa ndi munthu wongodutsa amene wakwiyira dziko linalake ndipo ali ndi mwala m'manja. Pa nthawi ya udani wa Amereka ndi Soviet Union galimoto za Asoviyeti zinali ndi FC, ndipo zilembozo zinatchuka mpaka anthu wamba ankazizindikira pamsewu. Lero Rasha ndi YR. Anagwedeza mutu, koma osati kugwedeza kovomera ayi, kuja kwa munthu amene akusunga nkhani kuti adzaibweze tsiku lina.

Chandinyansa kwambiri si kutsutsana kwathu. Ndi chakuti mbali yokoma ya nkhaniyi sindinainene, poti mpunga unafika ndipo ana anayamba kulimbirana foni. Ndiye ndiilembe pano.

Mayiko ambiri sagwiritsa ntchito zilembo polozera dziko, amaika nambala, zilembo n'kungotsala zonena udindo. CD imene anthu ambiri amaidziwa ndi chidule cha Chifalansa chonena gulu la akazembe, CMD ndi mkulu wa ofesiyo, CC ndi a konsulo. Ndipo nambala ya dzikoyo ukaifunsa kuti inachokera kuti, imakuuza mmene olandira alendowo anawandandalikira. Ku Falansa nambala zake ndi zobiriwira, zolembedwa ndi mtundu wa lalanje kwa akazembe, ndipo mndandanda woyamba unatsata alifabeti ya Chifalansa. Afuganisitani ndi 1, Jeremani ndi 5 chifukwa kumeneko dzina lake limayamba ndi A, ndipo Amereka ndi 6. Choncho 6 CMD 1 ndi galimoto ya kazembe wa Amereka ku Paris. Munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti nambala yaing'ono ndi ulemu, kuti mayiko amphamvu anawaika kutsogolo, pamene ndi alifabeti chabe. Ajeremani nawonso anachita chimodzimodzi m'chinenero chawo: nambala zawo zimayamba ndi 0, Amereka ndi 17, koma Vatikani anaidumphitsa mzere n'kuipatsa 10, poti kumeneko nthumwi ya Papa ndiyo imatsogolera gulu lonse la akazembe.

Koma imene ndimaikonda ine ndi 115. Ku Falansa imeneyi ndi Rasha, ndipo ikukhala pakati pa Teki, 114, ndi Urugwayi, 116. Rasha ikufunanji pamenepo? Mndandandawo unalembedwa dzikolo likutchedwa URSS, chidule cha Chifalansa cha Soviet Union, ndiye linagwera pa U. Soviet Union inatha mu Disembala 1991, mbendera pa ofesi inasinthidwa, zidindo zinasinthidwa, koma nambala inatsalira pomwepo, chifukwa palibe mlembi wa boma amene angafune kusuntha mayiko onse kuti dziko limodzi libwerere pa R. Mayiko amene anabadwa pambuyo pake amangowonjezedwa kumunsi, alifabeti osaiyang'ananso. Ndiye ukaona nambala yaikulu ya dziko loyamba ndi chilembo cha kumayambiriro kwa alifabeti, nthawi zambiri ukuona dziko lobwera mochedwa. Mndandandawu uli ngati nsalu yakale yodzaza zigamba, chigamba chilichonse chili ndi chaka chake.

Mwina n'chifukwa chake ndakwiya chonchi. Alamu amafuna nambala iwauze dzina la dziko basi, pamene ine ndimaona kuti dzinalo ndi gawo losakoma kwenikweni. Kapenanso ndi kutopa chabe, sabata ino sinandiyendere, ndipo munthu ukatopa umafuna upambane pa kanthu kamodzi kokha, ngakhale kakhale kopanda pake.

Ku Kenya ndiye nkhani ina. Nambala za akazembe kumeneko ndi zofiira, ndipo mndandanda unayamba motsata mmene mayiko anavomerezera ufulu wa dzikolo litadziimira palokha pa 12 Disembala 1963. Jeremani ya Kumadzulo inali yoyamba, n'chifukwa chake mpaka lero 1 CD ndi Jeremani. 2 CD ndi Rasha, 3 CD Itopiya, 4 CD Tchaina. Biriteni, amene anali atsamunda a dzikolo, ali pa 22, Amereka pa 29. Apa ndiye munthu akhoza kunena kuti nambala yaing'ono ili ndi kaulemu kake, ngakhale ulemu wake ndi wa kufulumira pa nthawi imeneyo, osati wa ubale wa lero. Ndiye taonani, dziko limodzi lomwelo la Amereka ndi 6 ku Paris, 17 ku Berlin, 29 ku Nairobi. Palibe nambala imene kazembe amayenda nayo m'chikwama.

Ndakumbukira china chimene alamu ananena tikusamba m'manja, ndipo ndinangochisiya chifukwa ndinali nditatopa nawo: "Chilichonse, amenewa ndi anthu osagwidwa. Ukakhala ndi nambala imeneyi umangoyenda." Sizili choncho kwenikweni. Chitetezo chimachokera ku Pangano la ku Vienna la 1961, ndipo chimatsata munthu ndi ofesi, osati chitsulo chomata kumbuyo kwa galimoto. Kazembe sazengedwa mlandu waupandu m'dziko lomulandira, ndipo galimoto ya ofesi yake sifufuzidwa kapena kulandidwa, koma pangano lomwelo limati ayenera kulemekeza malamulo a dzikolo. A konsulo ali ndi pangano lawo la 1963, ndipo chitetezo chawo ndi chochepa, makamaka pa zimene achita pogwira ntchito. N'chifukwa chake kwa wapolisi chilembo choyamba chija, D kapena C kapena S, n'chofunika kuposa cha dziko. Ndipo nambala sinena amene ali pa chiwongolero. Dalaivala kawirikawiri amakhala nzika ya dziko lomwelo lolandira alendo, wolembedwa ntchito ngati wina aliyense.

Funso la alamu lija silikundichoka, loti akulemberanji ngati akubisa. Yankho langa la masana linali loona koma loperewera, chifukwa mindandanda imeneyi anthu okonda nambala za galimoto anaisonkhanitsa kale, aliyense wofuna akhoza kuipeza. Kubisa kwa Amereka kumangogwira munthu waulesi. Abiriteni anayesa njira ina. Nambala zawo, kuyambira mu 1979, zimakhala manambala atatu a dziko, chilembo cha udindo D kapena X, kenako manambala ena atatu, ndipo Amereka ili ndi 270 mpaka 274. Koma anapatula 350 mpaka 399 kuti ofesi iliyonse yoopa chiwembu itengepo, osadziwika dziko. Komabe mu London momwemo galimoto ya kazembe wamkulu imatha kuyenda ndi USA 1 kapena FRA 1, yowerengeka ndi mwana yemwe, mbendera ili petupetu kutsogolo. Ofesi imodzi, galimoto ina ikubisala, ina ikudzionetsa. Ndipo ngati 350 mpaka 399 ndi za ofesi zoopa, ndiye kuti wozindikira akaiona adziwa kuti iyi ndi ya anthu amene ali ndi chifukwa choopera, zimene kwa ine zikungochepetsa mayiko oti aganizire.

Ndimafuna ndiwalembere alamu uthenga wa zimenezi, koma nthawi yapita kwambiri, ndipo ndikudziwa kale kuti ayankha ndi funso lina.