Kumuperekeza wabodza mpaka pakhomo: sabata yanga ndi a giledi 11

Ndimaphunzitsa samu pa sekondale ina kuno ku Lusaka, mbali ya ku Matero, ndipo sabata yathayi sikimu yanga inasokonekera yonse chifukwa cha funso la mwana mmodzi. Lolemba tinkabwereza magulu a manambala, ndalemba √2 pabolodi n'kunena monga timanenera chaka chilichonse kuti iyi singalembedwe ngati fulakishoni. Mtsikana wina wakumbuyo pafupi ndi windo anakweza dzanja. "Ba ticha, mwadziwa bwanji? Mwina fulakishoni yake ilipo koma manambala ake ni aakulu chabe, anthu sanaipeze." Sindinamuyankhe, ndinati tulutsani makalikyuleta tiifune tonse.

√2 ndi nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsa 2, ndiye ngati ili fulakishoni p/q, p ndi q ali manambala athunthu, p×p ayenera kukhala q×q kawiri ndendende. Anayesa 7/5, inabwera 49 pomwe tikufuna 50. Ena 17/12, inabwera 289 pomwe tikufuna 288. Ine ndinawaponyera 99/70, apa ndiye kalasi inachita phokoso poti 99×99 ndi 9801 ndipo 70×70 kawiri ndi 9800, kuphonya ndi 1 basi. Mnyamata wina anati kalikyuleta yake yapereka 1.414213562 ndiye nkhani yatha, koma titachulukitsa nambala imeneyo ndi iyo yomwe inaperewera pang'ono pa 2, makinawo amangodula pamene sikilini yathera. Belu linalira mtsikana uja akunenabe kuti mwaona, tikuyandikira, tikapitiriza tiipeza. Ndipo sanalakwe kuganiza choncho, chifukwa kulephera kupeza chinthu si umboni woti kulibe, manambala satha ndiye sungawayese onse olo utakhala zaka 100.

Lachiwiri ndinabwera ndi njira imene pa Chilatini amati redukisho adi abusudamu, kutanthauza kutsatira mfundo mpaka ikafike pa chinthu chosatheka. Ana ndinawauza chonchi: munthu akamadzitama kuti ali ndi nyumba ku Kabulonga ndipo iwe ukukayika, usakangane naye pasiteshoni, muvomere chabe, unene kuti chabwino tiyeni tikamwe tiyi kwanu. Umuperekeze mpaka pageti, kiyi ikakana, wadzitsutsa yekha. Dzina lakuti kumuperekeza linakhazikika pomwepo ndipo sabata yonse anagwiritsa limenelo.

Ndiye tinavomera kuti mtsikana uja akunena zoona, fulakishoni ilipo, p/q, ndipo taichepetsa mpaka palibenso nambala imene ingagawe p ndi q yemwe, monga mmene 6/8 timaitsitsira kufika 3/4. Apa ndinatsindika kwambiri poti pamenepa m'pamene bodza lidzakodwe. Kenako `p² = 2q²`. Mbali yakumanja ndi chinthu kawiri ndiye ndi iveni, kutanthauza kuti p² ndi iveni. Ndinaima n'kufunsa, kodi p naye ndi iveni? Ambiri anati inde mothamanga koma ndinakana kupitirira mpaka atandiuza chifukwa chake. Tinaona kuti nambala ya odi iliyonse imalembedwa 2k+1, k ali nambala yathunthu, ndipo `(2k+1)² = 4k² + 4k + 1`, ka 1 kotsalako kamachititsa kuti ikhalebe odi, 3×3 ndi 9, 7×7 ndi 49, sizisintha. Ndiye p sangakhale odi, ndi iveni, tingamulembe 2k. Tikabwezera, `4k² = 2q²`, kugawa ndi 2 mbali zonse `q² = 2k²`, ndipo pa chifukwa chomwe chija q naye ndi iveni. Manje onse awiri akugawika ndi 2, chikhalirecho tinayamba ndi kunena kuti palibe chowagawa onse. Tafika pageti kiyi yakana. Fulakishoni ija kulibe, kaya manambala ake akhale aakulu bwanji.

Ndimaukonda umboni umenewu ndipo sindibisa. Mizere isanu ndi umodzi yatseka nkhani imene kuyesa kwa kalikyuleta sikukanaitseka mpaka kalekale. Ndinawauzanso kuti si zatsopano, Agiriki a gulu la Paithagorasi ndi amene amatchulidwa pa kutulukira zimenezi, zaka zoposa 2,000 zapitazo, poyeza mzere wodula sikweya kuchokera pakona kufika pakona ina, ndipo Arisitoto anazitchula ngati chitsanzo cha njira yomweyi, kuti ukavomera zoti mzerewo ungayezedwe ndi muyezo umodzi ndi mbali za sikweya, odi ndi iveni zimasanduka chinthu chimodzi.

Lachitatu nkhani inalowa mu sitafu rumu. Mdala wina amene amaphunzitsa sayansi, munthu amene ndimamulemekeza zedi, amalimbikira zoti a giledi 12 tiwaonjezere maola a pulepu, ati nthawi zonse ola lililonse loonjezera limakweza mamaki. Ndinati amdala ndavomera, ndiye tiike maola 10 ataweruka, ndipo poti lililonse limakweza tifikitse 24 asamagone n'komwe. Anaseka n'kunena kuti iwe mwana, sindikutanthauza choncho, ndikunena ola limodzi kapena awiri. Pamenepo mpamene tinayamba kukambirana zenizeni, kuti malire ali pati poti ana ena amachokera ku George ndi ku Lilanda wapansi ndipo mdima ukagwa njira si yabwino. Onani kuti sindinaonetse kuti pulepu n'njoipa ayi, chimene chinagwa ndi mawu akuti nthawi zonse basi. N'chimodzimodzi kondakitala wa minibasi ya ku tauni akamati malo a mmodzi amakhalapo nthawi zonse, zikanakhala zoona Matero yense akanalowa mu basi imodzi, koma sizitanthauza kuti pa nthawi imeneyo mpando kulibe.

Tsiku limene ndikufuna ndifotokoze bwino ndi Lachinayi. Mnyamata wina wochenjera, amene samalankhula kawirikawiri, anabwera ndi pepala m'mawa ndisanalowe m'kalasi. "Ba ticha, njira yanu ija ni yabodza, onani ndaonetsa kuti √4 nayo si fulakishoni." Tonse tikudziwa kuti √4 ndi 2, yomwe ndi 2/1, fulakishoni yabwinobwino. Ndinamuuza alembe pabolodi mmene analembera papepala. Anayamba `p² = 4q²`, ndiye p² ikugawika ndi 4, ndiye p ikugawika ndi 4, p = 4k, `16k² = 4q²`, `q² = 4k²`, ndiye q nayo ikugawika ndi 4, onse awiri agawika ndi 4, zatsutsana. Anatsanzira mzere ndi mzere zimene ndinachita Lachiwiri, anangosintha 2 kukhala 4.

Kalasi inakhala chete ndipo ndinaisiya choncho mphindi zingapo dala. Ena anayamba kunena kuti ndiye kuti za √2 zijanso tizitaye. Ndinati tili ndi mwayi pano poti yankho tikulidziwa kale, ndiye tiyeni titenge p = 2 ndi q = 1 tiyende nawo mzere uliwonse tione pamene apunthwe. Mzere woyamba, 4 = 4×1, zili bwino. Wachiwiri, 4 ikugawika ndi 4, zili bwino. Wachitatu, 2 ikugawika ndi 4? Mtsikana wa pawindo uja ndi amene anakuwa kuti iyayi. Wina anaonjezera 6, poti 36 imagawika ndi 4 koma 6 sigawika. Sitepe imeneyo pa 2 tinaitsimikiza ndi nkhani ya odi ija, pa 4 mnyamatayu anangoikopera osaiyesa. Imagwira pa 2 chifukwa 2 ndi pulayimu, sagawikanso, pomwe 4 ndi 2×2 ndiye p atha kubweretsa 2 mmodzi yekha, pochulukitsa p×p n'kukwana 4. Chimene akanatha kunena moona n'chakuti p ndi iveni, p = 2k, zikanapereka `k² = q²` ndipo palibe chotsutsana chilichonse.

Zimene ndinawauza pambuyo pake ndizimene ndakhala ndikuziganizira mpaka lero. Ukafika pa chinthu chosatheka, icho chimangokuuza kuti penapake m'njira muli bodza, sichiloza kuti lili pati. Kiyi itha kukana pageti chifukwa nyumba si yake, komanso itha kukana chifukwa iwe woperekeza wamukhotetsera pageti la eni ake. Mlandu umagwera pa mfundo yoyamba pokhapokha ngati sitepe ina iliyonse yayesedwa ndipo yapirira. Mnyamata uja ndinamuyamikira pamaso pa anzake, chifukwa kuyesa umboni pa nkhani imene yankho lake ukulidziwa kale ndi njira imene ngakhale ife timagwirira zolakwa zathu.

Lachisanu pa miting'i ya aphunzitsi ndinakumana ndi cholakwa chomwecho chitavala zovala zina. Tinkakambirana za ana ochedwa, ena timati amene afika mphindi 10 belu litalira azilowa m'kalasi chilango adzachite poweruka, m'malo moti aime pageti piriyodi yoyamba yonse. Mayi wina anati tikalola mphindi 10, mawa zidzakhala 20, kenako ola, mapeto ake ana azibwera 12 koloko ndipo sukulu yatha. Anthu anagwedeza mitu poti zimamveka ngati zimene ndinachita Lachitatu. Koma sizofanana. Mdala uja ananena yekha kuti nthawi zonse, ndiye maola 24 anali kale mkati mwa mawu ake, ine sindinaonjezepo kanthu. Apa palibe amene ananena kuti kuchedwa kulikonse kuloledwe, tinati 10, ndipo kuchoka pa 10 kufika pa 20 ndi sitepe imene amayiwo anangoiganizira, ngati p uja wogawika ndi 4. Ndinafunsa mwaulemu kuti amayi, ngati geti titseka ndithu mphindi 10 zikakwana, 20 ibwera kudzera pati? Anayankha kuti nkhawa yawo njakuti amene ali pa dyute satseka geti pa nthawi yake. Imeneyo ndi nkhani yoona ndipo ndi yosiyana, ba hedi anati tiyese mwezi umodzi ndi buku pageti lolemba nthawi imene mwana aliyense wafika.

Homuweki ndinapereka √3. Ndachonga mabuku angapo usiku uno, ambiri alemba `p² = 3q²` bwinobwino kenako n'kulumphira kuti p ikugawika ndi 3 popanda chifukwa, ena mpaka alemba za iveni zomwe pano sizikugwira ntchito. Mtsikana wa pawindo yekha mwa amene ndaona waima pa sitepe imeneyo, walemba 3k+1 ndi 3k+2, wachulukitsa iliyonse ndi iyo yomwe n'kuonetsa kuti zonse zikagawidwa ndi 3 zimatsala ndi 1. Lolemba ndiyambira pa buku lake, ndipo enawo ndiwapatsa √9 ndi √12 ayesere okha sitepe imene analumpha ija.