Funso la mtsikana uja

Ndafika kunyumba ku Zolozolo nsapato zili matope okhaokha, kamvula ka Mzuzu kaja sikanatisiye tsiku lonse, koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi mtsikana amene ndimamuphunzitsa mu sitandade 4, uja amakoka mwendo wamanzere.

Lero linali tsiku lamasewera kusukulu. Chaka chatha pa mpikisano wopatsirana kamtengo anamuika komaliza, anzake onse atafika iye akubwerabe yekha pagalaundi, anthu akuwomba m'manja momumvera chisoni. Analira. Ndiye ulendo uno ndinati ayi, matimu ndisankha ndekha, osati makaputeni, chifukwa ana akamasankhana wotsala amakhala yemweyo nthawi zonse. Timu iliyonse ana asanu, othamanga ndi ochedwa kusakaniza. Mtunda ndinaugawa mosafanana, wina masitepe 40, wina 25, wina 10, ndipo wochedwa ndinamuika pakati kuti akatsalira anzake awiri akutsogolo abweze, maso onse asakhale pa iye.

Ine ndimaona ngati zayenda. Timu yake yakhala yachiwiri. Koma tikutolera zitsononkho zomwe timapatsirana zija wandikoka chitenje.

"Madamu, mwandipatsa pafupi chifukwa cha mwendo wangawu eti?"

Ndasowa chonena. Ndangoti mwanawe, aliyense anali ndi gawo lake. Wandiyang'ana, osayankha. Ndinalemba mizere ndi phulusa, ndiye aliyense amaona kuti gawo lake ndi kachidutswa, ndipo enawo amadziwa chifukwa chake. Kunena zoona mtima wandipweteka, ndakhala sabata yonse ndikuwerenga masitepe kuti ndimuteteze, osamufunsa mwiniwake kuti akufuna kuthamanga pati.

Chodabwitsa n'choti pa masewera a madzi sanafunse chilichonse. Apo mtunda unali umodzi kwa onse, masitepe 15, chidebe uku, botolo la malita 2 uko, kapu imodzi yapulasitiki pa timu. Umatunga, kuyenda, kuthira, kubweza kapu kwa mnzako, mpaka wezulo ilire pakatha mphindi zitatu, kenako timayika mabotolo pamodzi kuona la madzi ambiri. Palibe wofika komaliza poti onse amaima nthawi imodzi. Anyamata aliwiro aja amafika kapu ili theka, ena kuterereka pamatope, pakamwa pa botolo n'popapatiza ndiye wothira mwaphuma madzi amangothera pansi. Iye amayenda pang'onopang'ono, dzanja lina kuvindikira kapu, kugwada, kuthira osataya. Mpaka anzake kumakuwa kuti mupatseni iyeyo! Izi sindinawauze ine.

Mphunzitsi mnzanga akuti chaka chamawa tingochotsa mpikisano wothamangawo. Sindikugwirizana nazo, othamanganso ndi ana, tsikuli amalidikira. Mwina timu izigawana yokha mtundawo, koma ndikuopa kuti amupatsa masitepe asanu n'kumuuza poyera chifukwa chake. Kapena Lolemba ndimufunse kaye.